KUSAMALA MAPEMPHO A MAPEMPHERO PA TCHALITCHI NDI M'MPHAKATI

Abale ndi alongo, palibe Lamulungu limene limadutsa popanda munthu wobwera kwa ife akatekisti, kapena kwa atsogoleri a mphakati, ndi mawu akuti, "Mundipempherere." Ena amanena pakamwa, ena amalemba pa kapepala, ena amatumiza uthenga pa foni. Munthu wotere watipatsira chinthu cha mumtima mwake: matenda, imfa, ngongole, kapena mkangano wa m'banja. Tikachigwira bwino, amapeza chitonthozo. Tikachigwira mosasamala, tingathe kumuchititsa manyazi, kudanitsa mabanja, ngakhale kuika moyo wa munthu wina pachiswe. M'mutu uno tikambirana m'mene tingasankhire mapempho oyenera kuŵerengedwa pagulu, oyenera kusungidwa mwachinsinsi, ndi ofunika kuwathamangira tsiku lomwelo.

KODI CHASINTHA N'CHIANI?

Kale mawu onenedwa m'tchalitchi ankathera m'makutu a anthu amene adabwera tsikulo. Lero sizili choncho. Pa Misa ya chikondwerero, pa ukwati, pa maliro, achinyamata amajambula kanema pa foni, ndipo dzuŵa lisanaloŵe kanemayo wafika kwa abale athu amene ali ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Joni. Kuno ku Chintheche n'kovuta kupeza banja lopanda mbale amene adapita ku Joni kukafuna ntchito, choncho akanema ameneŵa amayenda kwambiri. Dzina limene latchulidwa pa guwa limamveka kutali, ndipo limakhalabe m'mafoni a anthu kwa zaka.

Pa tchalitchi china cha m'mbali mwa nyanja zidachitikapo kuti woŵerenga adatchula dzina la mayi amene adamwalira usiku wa Loŵeruka. Mwana wa mayiwo, amene ali ku Joni, adamva za imfayo pa kanema, akuluakulu a banja asanamuimbire. Woŵerengayo sadafune kulakwa, koma banjalo lidadandaula kwambiri, ndipo lidali ndi chifukwa. Akuluakulu adati madzi akatayika sawoleka. Ndi chimodzimodzi mawu amene aloŵa m'kanema.

ZIMENE MPINGO NDI BOMA AMANENA

Mapemphero a akhristu onse, amene timapereka pambuyo pa ulaliki ndi Kumvera kwa Apostoli, adabwezeretsedwa mu Misa ndi Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikani m'chaka cha 1963. Malangizo oyendetsera Misa, pa ndime 70 ndi 71, amati mapempheroŵa atsate ndondomeko iyi: zosoŵa za Mpingo, atsogoleri a dziko ndi chipulumutso cha anthu onse, anthu amene ali m'mavuto, ndipo potsiriza akhristu a pamalopo. Amatinso akhale aafupi, odekha, ndipo akhale pemphero la mpingo wonse. Apa tikuphunzira kuti nthaŵi imeneyi si ya zolengeza, si ya kudzudzula munthu, ndipo si ya kufotokoza mbiri ya matenda a wina. Pemphero loyenera ndi limene munthu aliyense m'tchalitchimo angathe kulivomera ndi mtima woyera.

Buku la Malamulo a Mpingo la chaka cha 1983, pa lamulo 220, limaletsa kuwononga mbiri yabwino ya munthu, ndiponso kuphwanya ufulu wake wosunga zinsinsi za moyo wake. Malamulo oyendetsera dziko lino a chaka cha 1994 nawo, pa gawo 21, amateteza ufulu womwewo.

Palinso malamulo ena aŵiri a boma amene wolandira mapempho ayenera kuwadziŵa. Loyamba ndi lamulo la za ufiti la chaka cha 1911, limene limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Lachiŵiri ndi lamulo la za HIV ndi Edzi la chaka cha 2018, limene limaletsa kuulula kuti munthu ali ndi kachilombo iye mwini asanalole. Malamuloŵa sapatula mawu onenedwa m'pemphero. Amene waŵerenga pagulu chinenezo cha ufiti wachitengako mbali, ngakhale kuti kalatayo sadalembe ndiye.

M'MENE TINGALANDIRIRE MAPEMPHO

Njira imene taona kuti imathandiza ndi ya bokosi lokiya, loikidwa pafupi ndi khomo la tchalitchi, pamodzi ndi timapepala ndi pensulo. Pa kapepala kalikonse pakhale funso limodzi lolembedwa kale: "Kodi dzina litchulidwe pagulu? Inde kapena Ayi." Pamene palibe yankho, timaŵerenga ngati kuti munthuyo wanena kuti ayi. Amene sadziŵa kulemba auze mmodzi wa osunga bokosi, ndipo iyeyo amufunse funso lomwelo. Uthenga wobwera pa foni ulembedwe pa kapepala, uponyedwe m'bokosi momwemo, kenaka ufafanizidwe m'fonimo, chifukwa mafoni athu amagwiridwa ndi ana ndi abale.

Bokosi litsekulidwe ndi anthu aŵiri pamodzi, mwamuna ndi mkazi, osankhidwa ndi komiti ya tchalitchi ndipo odziŵika kwa Bambo Mfumu. Mutu umodzi susenza denga: munthu mmodzi angathe kukondera, kapena kuganiziridwa kuti ndiye waulula chinsinsi. Koma asapitirirenso atatu, pakuti chinsinsi cha anthu ambiri sichikhalitsa. Tsiku lotsekula likhale lodziŵika, monga Lachitatu ndi Loŵeruka madzulo. Mapempho operekedwa Lamulungu m'maŵa, Misa ili pafupi kuyamba, adikire sabata ya maŵa, kupatula uthenga wa maliro umene wabwera ndi mwini mbumba kapena mkulu wa mphakati. Zolakwa zambiri zimachitika pamene woŵerenga walandira kapepala m'manja ali kale pa guwa.

Osunga bokosi akhale ndi kabuku kolembamo tsiku, mtundu wa pempho, ndi dzina la amene walitenga kuti alilondole. Asalembemo nkhani yeniyeniyo. Timapepala tikatha ntchito titenthedwe, osati kutayidwa m'dzala kumene ana amatola mapepala.

MILU ITATU

Tikatsekula bokosi timagaŵa timapepala pa milu itatu.

Mulu woyamba ndi wa mapempho oŵerengedwa pagulu. Aŵa ndi amene mwini nkhani walola, ndipo sakunena choipa cha munthu wina: kuthokoza chifukwa cha mwana wobadwa, ophunzira amene akulemba mayeso, asodzi m'miyezi ya mwera, odwala, ndi omwalira amene banja lawo lauzidwa kale. Ngakhale pamenepa dzina la matenda sititchula. Kunena kuti "akudwala" n'kokwanira, chifukwa Mulungu akudziŵa kale chimene chikumuvuta. Tizisamalanso kuti wolola akhale mwini nkhani. Mkazi akalemba dzina la mwamuna wake wodwala nachonga kuti "Inde," tiyambe tamufunsa ngati bamboyo akudziŵa.

Mulu wachiŵiri ndi wa mapempho achinsinsi: mikangano ya m'banja, kusoŵa mwana, uchidakwa, ngongole, mlandu wa ku khoti. Aŵa amapita kwa wansembe, kapena kwa anthu aŵiri okhwima amene adzamuyendera munthuyo ngati iye wafuna. Pagulu timawaphatikiza m'pemphero limodzi lopanda dzina, monga lakuti, "Tipempherere mabanja amene akusoŵa mtendere." Tichenjere, chifukwa pamudzi munthu amadziŵika ngakhale dzina lisanatchulidwe. Mawu akuti "mayi wina wa ana amapasa amene mwamuna wake ali ku Joni" ndi dzina kale. Ndipo ngati kapepala kali ndi mawu oulula tchimo, tisakakambirane. Timuuze munthuyo mwaulemu kuti malo ake ndi kolapira, kumene wansembe amamangidwa ndi chinsinsi chosaphwanyika. Bokosi lilibe chitetezo chotero.

Mulu wachitatu ndi wa mapempho osadikira Lamulungu. Tiwazindikira motere: munthu akunena kuti watopa ndi moyo ndipo afuna kudzipha, mayi akumenyedwa kapena kuopsezedwa, mwana akugwiriridwa kapena akukakamizidwa ukwati asanakwanitse zaka 18, munthu akunenedwa ufiti, kapena wodwala ali ndi zizindikiro zoopsa koma ali kunyumba. Tikukumbukira kolera imene idavuta kwambiri m'boma lino la Nkhata Bay m'chaka cha 2022. Munthu wotsegula m'mimba madzi okhaokha angathe kufa pa maola ochepa, choncho yankho la pempho lotero ndi kumumwetsa Thanzi ndi kuthamangira naye ku chipatala cha Chintheche kapena china chapafupi, tikupemphera m'njira. Pa nkhanza pali ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ndiponso manambala aulere a foni: 116 pa nkhani za ana, ndi 5600 pa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Apa chinsinsi chili ndi malire. Moyo ukakhala pachiswe timauza amene angathe kuupulumutsa, koma iwo okhawo, osati mpingo wonse.

CHITSANZO: KALATA YA MAYI WAMASIYE

Tiyerekeze kuti ndi Loŵeruka la mwezi wa Julaye, nyengo imene mwera umakuntha. Sabata ziŵiri zapitazo bwato lidagubuduzika usiku asodzi ali kokoka usipa, ndipo mnyamata mmodzi adamira. M'bokosi tapeza kalata ya mayi ake, yolembedwa motere:

"Mundipempherere ine mayi Uje. Mwana wanga sadafe imfa ya Mulungu. Amalume ake, a Uje, ndiwo adamupereka kuti chilimira chawo chizipha usipa wambiri. Mulungu aŵalange, ndipo mpingo wonse udziŵe. Achinyamata akuti Lolemba akaŵaona." Pa funso la dzina mayiwo achonga kuti "Inde."

Choyamba, tione kuti m'kalatamu muli zinthu zitatu zosiyana. Muli chisoni chenicheni cha mayi woferedwa, ndipo chimenechi n'choyenera pemphero la mpingo. Muli chinenezo cha ufiti, chimene sitingaŵerenge, chifukwa chikuwononga mbiri ya munthu amene sadamvedwe mbali yake, ndiponso ndi mlandu pamaso pa boma. Muli chenjezo la chipolowe cha Lolemba, chimene chikuika kalatayi pa mulu wachitatu. Chilolezo cha mayiwo chikukhudza dzina lawo ndi la mwana wawo basi. Sangalole m'malo mwa amalumewo.

Chachiŵiri, madzulo omwewo timauza Bambo Mfumu, ngakhale pa foni ngati tchalitchi chathu chili kutali ndi parishi. Kenaka timadziŵitsa a mfumu a m'mudzimo ndi apolisi za mawu a achinyamatawo, popanda kuonetsa kalatayo kwa anthu ena. M'dziko lino anthu okalamba akhala akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa chifukwa cha zinenezo zotere, ndipo kaŵirikaŵiri zimayamba pambuyo pa maliro adzidzidzi. Tisaganize kuti achinyamatawo akungolankhula.

Chachitatu, aŵiri a ife timapita kwa mayiwo Lamulungu lisanafike. Ili ndi phazi limene ambiri amaliiŵala. Mayiwo akangomva m'tchalitchi kuti mawu awo asinthidwa, adzaganiza kuti mpingo waikira kumbuyo amalumewo chifukwa ali ndi chuma. Tikafika timayamba ndi kupepesa maliro ndi kumvetsera. Pambuyo pake tinganene kuti, "Mayi, kalata yanu taiona, ndipo maŵa mpingo wonse upempherera mwana wanu ndi inu. Koma dzina la achimwene anu sititchula. Pa guwa sitiweruzirapo munthu, ndipo mawu amenewo akajambulidwa angakubweretsereni mlandu inu amene muli kale pa chisoni. Ngati pali chimene chikukuvutani pa za ulendo wa usiku umenewo, tikuperekezani kwa a mfumu kapena ku polisi." N'kutheka kuti kuseri kwa chinenezocho kuli funso loyenera kufunsidwa: ndani adalamula kuti bwato lipite pa nyanja mphepo ili chomwecho, kodi bwatolo lidali lolimba, nanga malipiro a mnyamatayo adaperekedwa? Mafunso amenewo ali ndi bwalo lake, ndipo tingamuthandize mayiyo kufikako.

Chachinayi, timalemba pemphero loŵerengedwa Lamulungu: "Tipempherere mbale wathu Uje amene adatisiya pa ngozi ya pa nyanja, kuti Ambuye amulandire. Tipemphererenso mayi ake ndi banja lonse, kuti apeze chitonthozo ndi mtendere pakati pawo, ndiponso asodzi onse m'nyengo ino ya mwera." Onani kuti chisoni chalemekezedwa, palibe wanenezedwa, ndipo amalumewo, ngati ali m'tchalitchimo, angathe kuvomera pempheroli pamodzi ndi mlongo wawo.

Chachisanu, m'kabuku timangolemba tsiku, mawu akuti "maliro ndi chiopsezo," ndi mayina a amene apita. Patapita sabata, mphakati umayenderanso mabanja onse aŵiri. Ntchito yathu ili ndi malire: ife si oweruza, si apolisi, si madokotala. Sitingalonjeze kuti banjalo ligwirizana, koma tingaonetsetse kuti pakamwa pa mpingo sipadawonjezere moto.

NANGA ZA NDALAMA NDI NDALE?

Kupempherera munthu n'kwaulere, ndipo m'bokosi la mapempho musaloŵe ndalama. Chopereka cha Misa ndi nkhani ina. Munthu akafuna kuti wansembe apereke Misa pa cholinga chake, amapita ku ofesi ya parishi kumene cholingacho chimalembedwa m'buku. Malamulo a Mpingo, pa 945 ndi 947, amalimbikitsa ansembe kupereka Misa ya osauka ngakhale popanda chopereka, ndipo amaletsa chilichonse chooneka ngati malonda.

Pempho lokhala ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba tisaliŵerenge ndi nambalayo. Mwina vutolo ndi loona, mwina ndi la munthu wofuna kudyera pa chifundo cha akhristu. Titume anthu aŵiri a mphakati wa kumene akukhala kuti akaone ndi maso, ndipo chithandizo chidzere ku komiti ya zachifundo. Amene akukana kuyenderedwa koma akuumirira kuti ndalama zitumizidwe lero lomwe, tichenjere naye.

Pa ndale, timapempherera atsogoleri a dziko, mafumu ndi chisankho chamtendere, koma sititchula chipani kapena munthu wopikisana nawo. M'tchalitchi mwathu muli anthu a zipani zonse.

CHIDZIŴITSO CHOKHOMA PAMWAMBA PA BOKOSI

Anthu sakhumudwa kwambiri ndi lamulo limene adalidziŵiratu. Choncho pamwamba pa bokosi pakhomedwe chidziŵitso cha zilembo zikuluzikulu, m'Chicheŵa ndi m'Chitonga, ndipo chiziŵerengedwa pa zolengeza kamodzi pa mwezi chifukwa cha amene sadziŵa kuŵerenga. Mawu ake angakhale aŵa:

"Takulandirani. Pempho lililonse loikidwa muno limaŵerengedwa ndi anthu aŵiri osankhidwa ndi mpingo, Lachitatu ndi Loŵeruka, ndipo limapemphereredwa kwaulere. Dzina lanu litchulidwa pokhapokha mutalola. Sititchula dzina la matenda, ndipo sitiŵerenga mawu oneneza munthu wina, a ndale, kapena nambala yotumizirapo ndalama. Tikasintha mawu anu tidzayamba takuuzani. Kumbukirani kuti Misa nthaŵi zina imajambulidwa. Ngati moyo wa munthu uli pachiswe, musadikire bokosi: pitani ku chipatala kapena ku polisi, imbani 116 kapena 5600, ndipo uzani katekisti nthaŵi yomweyo. Zokhudza kulapa pitani nazo kwa wansembe."

Mawu oyamba ndi olandira, osati oletsa, kuti munthu wosweka mtima asabwerere pakhomo. Lonjezo lakuti tidzamuuza tikasintha mawu ake ndi ngongole yathu, ndipo tiyenera kuibweza nthaŵi zonse. Ojambula kanema nawo auzidwe kuti pa nthaŵi ya mapemphero otchula mayina aziimitsa foni, pokhapokha banja litapempha lokha kuti ajambule.

TIDZIŴA BWANJI KUTI ZINTHU ZAYAMBA KULAKWIKA?

Chizindikiro choyamba ndi bokosi lopanda kanthu kwa masabata angapo pamene kale linkadzaza. Mavuto a anthu sadathe ayi. Kaŵirikaŵiri ndiye kuti chinsinsi china chidamveka ku dooko kapena pa mjigo. Chachiŵiri ndi anthu kutembenuka kuyang'ana munthu mmodzi pamene pemphero likuŵerengedwa: mawu athu amuloza. Chachitatu ndi woŵerenga amene amawonjezera mawu akeake pa zolembedwa. Chachinayi ndi mayina a mabanja omwewomwewo sabata iliyonse, pamene osauka ndi a m'midzi yakutali sakumveka. Tikaona chimodzi mwa izi, komiti ikhale pansi ndi Bambo Mfumu. Ngati chinsinsi chidaululika, wolakwiridwayo apepesedwe pamaso, ndipo makiyi apatsidwe anthu ena.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MPHAKATI

1. Pa tchalitchi chathu, ndani amalandira mapempho a mapemphero, ndipo timapepala timathera kuti?

2. M'kalata ya mayi wamasiye ija mukadapanda mawu onena za Lolemba, kodi tikadaiika pa mulu uti? Chifukwa chiani?

3. M'mphakati anthu amapemphera mokweza popanda cholemba. Mtsogoleri achite chiani pamene wina wayamba kutchula mnzake moipa m'kati mwa pemphero?

4. Ndi anthu aŵiri ati m'dera lathu amene tingaŵakhulupirire ndi makiyi a bokosi, ndipo tiŵasintha patapita nthaŵi yaitali bwanji?